Mpando wachiwiri: momwe tinalembera pulani ya ngongole ya babashopu ya ku Ndirande

Mu Juni 2024 kunabwera kwa ine bambo wina wometa tsitsi ku Ndirande, atanyamula envulopu yakhaki yomwe inali itayamba kale kuda m'makona. Ntchito yanga ndi yothandiza amalonda ang'onoang'ono kukonza mapepala opemphera ngongole, ndipo ndisanayambe zimenezi ndinakhalapo tsidya linalo la tebulo, kumene amawerenga mapepalawo n'kuvomera kapena kukana. Dzina la bamboyu sinditchula, ndizingoti ometa.

Mu envulopumo munali pulani ya masamba 14 yomwe anawalembera mnyamata wa pamalo otayipira makalata. Inali m'Chingerezi chokoma, chikuto chake cha zithunzi, ndipo inkapempha K3,000,000 yosamukira m'chipinda chachikulu, kugula mipando itatu, kanema wapakhoma, jenereta, komanso kutsegula mbali yomangira tsitsi la amayi kuti akazi awo azigwirapo. Mabungwe awiri anali atawakana kale. Nditawafunsa kuti tsamba lachisanu likunena chiyani anangoseka, n'kuti, "Madala, zimenezo akudziwa ndi amene analemba."

Pa tsamba lachisanulo panalembedwa kuti amameta anthu 40 tsiku lililonse. Ndinawafunsa kuti mutu umodzi amatha mphindi zingati, kuyambira pokhazika munthu pampando mpaka pomupukuta sipiriti. Anati 20, ukakhala wosavuta. Mitu 40 pa mphindi 20 ndi maola oposa 13, osadya, osapita kuseri, magetsi osathima. Wopereka ngongole aliyense amene anametetsapo tsitsi amachita samu imeneyi m'mutu asanafike pansi pa tsambalo, ndipo akapeza bodza limodzi lotere, masamba otsalawo amangowatembenuza mwaulemu.

Tinagwirizana zoika envulopu ija pambali n'kuyamba ndi kope la K500.

Masabata asanu ndi limodzi a timizere

Ndinawauza kuti tsamba lililonse la kopelo likhale tsiku limodzi, ndipo aligawe pawiri. Kumanzere azilemba kamzere pa munthu aliyense amene wameta ndi ndalama imene walipira. Kumanja azilemba kamzere pa munthu aliyense amene wabwera koma wabwerera osameta, ndi chilembo chimodzi chosonyeza chifukwa: M ngati magetsi athima, A ngati wapeza anthu ambiri pabenchi. Mbali yakumanjayi ndiyo inali yofunika kwambiri kwa ine, chifukwa ngongole yokulitsira bizinesi imabwezedwa ndi makasitomala amene panopa akukupulumuka. Ngati palibe amene akubwerera pakhomo, mpando wachiwiri ungokhala poyanika mataulo.

Ndinawapemphanso kuti madzulo aliwonse aziika ndalama ya tsikulo mu akaunti yawo ya pafoni, ndipo zogula zapakhomo azichita kutapa kuchokera mmenemo. Poyamba anakana, ati zolipira potapa ziwadyera phindu. Zinawadyeradi pang'ono. Koma kope munthu ukhoza kulilemba usiku umodzi, pamene sitetimenti ya pafoni ya masabata asanu ndi limodzi sungaipeke, ndipo ziwirizi zikagwirizana, kope lija limasanduka umboni.

Kumapeto kwa Julayi tinakhala pansi n'kuwerenga timizere. Kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi ankameta anthu pafupifupi 12 patsiku. Lachisanu 20, Loweruka 30, Lamulungu akaweruka kutchalitchi 18. Pa sabata mitu 116. Akuluakulu ankalipira K1,000, ana ndi ometa ndevu zokha K500, ndiye tikaphatikiza onse mutu umodzi unkabweretsa pafupifupi K800. Pa mwezi wa masabata anayi babashopuyo inkalowetsa K370,000. Ometa anakhumudwa ndi nambalayi, chifukwa m'mutu mwawo tsiku lililonse linali Loweruka.

Zotuluka pashopu zinali K120,000 pamwezi: lendi K50,000, ndipo zotsalazo mayunitsi a magetsi, malezala, sipiriti, mafuta a mashini, kunoletsa ndi kukonzetsa mashini, chopereka cha mlonda wa mzere wa mashopuwo, ndi za kukhonsolo. Zinatsala K250,000, ndipo apa ndi pamene ambiri amaimira n'kulemba kuti phindu. Koma ometa amadya, amakhala m'nyumba ya lendi, ali ndi ana awiri kusukulu, ndipo mwezi uliwonse amatumiza kangachepe kwa mayi awo ku Thyolo. Titawerengera limodzi ndi akazi awo, omwe ndiwo ankadziwa mtengo weniweni wa ndiwo ndi makala, zapakhomo zinakwana K190,000. Ndalama imene inkatsaladi m'manja mwezi ukatha inali K60,000.

Ngongole ya K3,000,000 ija, ngakhale itakhala yopanda chiwongoladzanja n'komwe, ikanafuna K250,000 mwezi uliwonse kwa chaka. Sindinafunikenso kunena zambiri.

Mbali yakumanja ya kope ndiyo inatipatsa chiyembekezo. Pa sabata anthu pafupifupi 15 ankabwerera chifukwa cha magetsi, ndipo ena 25 chifukwa cha mzere, pafupifupi onsewo pakati pa Lachisanu ndi Lamulungu. Magulu awiriwa sabweretsa ndalama yofanana. Wobwerera chifukwa cha magetsi adzametedwa ndi mwini shopu, ndiye K800 yonse ndi yake: anthu 60 pamwezi, K48,000. Wobwerera chifukwa cha mzere adzametedwa ndi wometa wachiwiri, ndipo pa mzere wa mashopuwo mwambo wake ndi wogawana pakati, ndiye anthu 100 pamwezi amabweretsa K40,000 yokha kwa mwini. Tikachotsa K10,000 ya malezala ndi sipiriti woonjezera, kukulitsa konseko kukanaonjezera K78,000 pamwezi. Onani kuti batire lothandiza kumeta magetsi akathima, lomwe sililandira gawo, linkaposa mpando.

Kudula pempho

Kuchoka apa zogula zinadzisankha zokha. Kanema sabweza munthu amene wathawa mzere. Kusamuka kukanawachotsa pamalo pamene anthu anawazolowera kwa zaka zisanu ndi chimodzi, pomwe chipinda chawo chinali ndi malo a mpando wina akangosuntha benchi. Jenereta tinaikana chifukwa imafuna petulo tsiku lililonse ndipo nthawi imene mafuta asowa imangokhala chitsulo pakona. Mashini ometera sadya magetsi ambiri, choncho mashini awiri ochajidwa, batire limodzi, sola imodzi ndi inveta yaying'ono zinali zokwanira kuchajira ndi kuyatsa mababu awiri. Za tsitsi la amayi ndinawauza kuti ndi bizinesi ina, ya makasitomala ena, yofuna kope lakelake.

Ndinawatuma ku Limbe kukatenga mitengo yolembedwa papepala la sitolo, lokhala ndi chidindo ndi deti, malo awiri pa chinthu chilichonse. Sola, batire ndi inveta zinakwana K420,000, mashini awiri K240,000, mpando wopangitsa kwa owotcherera K150,000, galasi, shelefu, mataulo ndi nsalu zofunditsa K110,000. Tinaikapo K80,000 ya zadzidzidzi, ndipo mu pulani tinalemba chifukwa chake: katundu yenseyu kupatula mpando ndi wochokera kunja, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, palibe wasitolo amene ankalonjeza kuti mtengo wa lero ukhalapobe mwezi wamawa. Zonse pamodzi K1,000,000. Ometa anali ndi K200,000 yomwe analandira pogawana kubanki mkhonde, ndiye pempho linakhala K800,000. Ndalama yakoyako mu pulani imalankhula kuposa ndime iliyonse, chifukwa wobwereketsa amadziwa kuti zikavuta nawenso upsa nazo.

Panali kanthu kena kamene ndinatsala pang'ono kuiwala. Sola imakhala padenga, ndipo dengalo ndi la eni nyumba. Ometa analibe pepala lililonse la lendi, ankangolipira pamanja. Tinapita kwa alandilodi, mayi wachikulire amene anatiyankha ali pamkeka, ndipo anavomera kusaina kalata ya mizere isanu yonena kuti ometa akhala m'chipindacho zaka zisanu ndi chimodzi, alibe ngongole ya lendi, apitiriza kwa chaka china pa mtengo womwewo, ndipo solayo ndi yawo, akhoza kuichotsa posamuka. Popanda mzere womalizawu, tsiku losamuka pamabuka mlandu.

Mapeperesenti awiri osafanana

Kubanki yaikulu sitinapiteko. Pa ndalama yochepa chonchi, kwa munthu amene akaunti yake yakubanki inali itagona zaka ziwiri, khomo loyenera linali la mabungwe obwereketsa amalonda ang'onoang'ono. Ometa anafunsa m'mabungwe awiri. Loyamba linati chiwongoladzanja ndi 4 peresenti pamwezi, lachiwiri linati 5 peresenti. Anabwera atasankha kale loyamba.

Ndinawabweza kuti akafunse funso limodzi: mwezi uliwonse ndizilipira zingati, ndipo chaka chikatha ndidzakhala nditapereka zingati zonse pamodzi? Mayankho anawadabwitsa. Bungwe loyamba limawerengera 4 peresenti yakeyo pa K800,000 yonse mwezi uliwonse, ngakhale mwezi womaliza pamene ngongole yatsala pang'ono kutha. Ndiye kuti K32,000 kuchulukitsa ka 12, chiwongoladzanja K384,000, kulipira pafupifupi K98,700 pamwezi. Lachiwiri limawerengera 5 peresenti pa ndalama imene yatsala, yomwe imanka nichepa mwezi ndi mwezi, ndipo malipiro ake anali pafupifupi K90,300 pamwezi, chiwongoladzanja chonse pafupifupi K283,000. Ya 5 peresenti inali yotsika mtengo ndi K100,000 kuposa ya 4 peresenti. Bungwe lachiwirili linkadulanso 3 peresenti poyambirira, K24,000, kotero m'manja mukanafika K776,000. Loyamba nalo linali ndi zodula zake zofanana, ndiye sizinasinthe chisankho, koma tinazilemba kuti zichoka pa ndalama ya zadzidzidzi ija.

Tsopano samu yaikulu ya pulani yonse inali yaifupi. K60,000 yotsala panopa kuphatikiza K78,000 yoonjezereka ndi K138,000. Kuchotsa K90,300 ya ngongole, patsala pafupifupi K48,000. Mwezi wabwinobwino zikutheka.

Koma miyezi sifanana, ndipo kope lathu linali la Juni ndi Julayi, anthu atakolola, ndalama ikuyenda. Ndinawafunsa ometa za Januwale ndi Febuluwale. Anapukusa mutu: anthu amakhala atathera ndalama ku Khirisimasi, fizi ndi feteleza, chimanga chakwera, mvula ikutsekereza anthu m'nyumba, ndipo amene amameta sabata iliyonse amayamba kudumphitsa. Kupatula sabata yotsegulira sukulu pamene ana amadzaza benchi, anati mitu imatsika mwina ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Titabwereza samu ndi mitu yochepa choncho, ndalama yotsala ngongole isanalipidwe inagwa kuchoka pa K138,000 kufika pa K24,000, chifukwa lendi ndi chakudya sizitsika nawo. Mwezi uliwonse woipa ukanaperewera K66,000, miyezi iwiri K132,000.

Ometa anafuna kuti zimenezi tisazilembe. "Tikawauza kuti Febuluwale ndimavutika, atipatsa?" Ndinawauza kuti wowerengayo Febuluwale amamudziwa kale, chimene sakudziwa n'choti inu mwamukonzekera bwanji. Tinalemba kuti ngongole ikatuluka mu Ogasiti, K48,000 yotsala mwezi uliwonse kuyambira Seputembala mpaka Disembala izisungidwa mu akaunti ya kubungwe komweko, kuti pofika Januwale pakhale K192,000 yotsekera dzenjelo.

Zimene zinalowa papepala

Pulani inatuluka masamba awiri ndi theka, m'Chichewa, chifukwa ndinkafuna kuti ometa azitha kuyankha pa mzere uliwonse. Ndime yoyamba, yomwe ndiyo yokhayo imawerengedwa mosadumpha, inali motere:

"Ndakhala ndikumeta tsitsi pamalo amodzi ku Ndirande kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Ndimameta anthu pafupifupi 116 pa sabata ndipo ena 40 amabwerera chifukwa cha mzere ndi kuthima kwa magetsi. Ndikupempha K800,000, kuonjezera pa K200,000 yanga, kuti ndigule mpando wachiwiri, mashini awiri ochajidwa, sola ndi batire. Ndidzabweza K90,300 pamwezi kwa miyezi 12 kuchokera pa K138,000 imene idzatsale nditalipira zapashopu ndi zapakhomo."

Pansi pake panabwera ndime ya malo ndi opikisana nawo, mababashopu atatu oyandikana, mitengo yawo, ndi mfundo yoti pa atatuwo imodzi yokha ndiyo imameta magetsi akathima. Kenako tebulo la zogula ndi mitengo yake, tebulo la miyezi 12 loonetsa zolowa, zotuluka, malipiro a ngongole ndi zotsala, Januwale ndi Febuluwale zili ndi manambala ake oipawo, ndiye ndime ya chikole ndi mboni. Malo kapena nyumba analibe. Lamulo la 2013 limalola katundu wosunthika kukhala chikole, choncho tinalemba firiji ndi wailesi yakanema zapakhomo pamodzi ndi sola, batire ndi mashini oti agulidwewo, chilichonse ndi nambala yake yapathupi. Akazi awo anasaina kuti akudziwa ndipo avomera. Pa ichi sindinyengerera: ndinaonapo firiji ikutulutsidwa m'nyumba mayi wapakhomo akumva za ngongoleyo koyamba tsiku lomwelo. Mboni anakhala alamu awo omwe ali pantchito yolipidwa pamwezi, ndipo ndinaonetsetsa kuti amva bwino kuti ometa akalephera, wolipira ndi iwowo.

Kumbuyo tinamata fotokope ya chiphaso cha unzika, laisensi ya kukhonsolo, kalata ya alandilodi, mapepala a mitengo, sitetimenti ya pafoni ndi masamba ena a kope. Ndinawafunsanso kawiri ngati ali ndi ngongole ina kwinakwake, chifukwa obwereketsa amafufuza kumabungwe osunga mbiri ya ngongole, ndipo ngongole yobisidwa ikaoneka kumeneko imapha pempho kuposa ngongole yoululidwa. Panali K15,000 ya pafoni imene anaiwala. Anaibweza tisanapereke mapepala.

Wogwira ntchito kubungwe lija anabwera kudzaona shopu Loweruka, mosapangana. Anakhala pabenchi ola lathunthu akuwerenga okha anthu olowa, anatsegula kope pa tsamba limene anafuna, kenako anafunsa funso limene tinali titayeserera kunyumba: mashini akafa mawa mutani?

Pamene pulani inaphonya

Ngongole inavomerezedwa yonse, koma ndalama inatuluka kumapeto kwa Seputembala m'malo mwa Ogasiti. Sabata yotsegulira sukulu inadutsa ali ndi mpando umodzi, ndipo miyezi yosungira inatsika kuchoka pa inayi kufika pa itatu. Batire linali litakwera ndi K45,000, ndiye pamodzi ndi K24,000 yodulidwa ija, ndalama ya zadzidzidzi inangotsala K11,000 shopu isanasinthe n'komwe. Kulakwa kunali kwanga: tebulo la miyezi ndinaliyambitsa pa mwezi umene tinkafuna, osati mwezi umene ukanatheka. Masiku ano ndimalemba matebulo awiri, lachiwiri ndalama itachedwa ndi mwezi ndi theka.

Mbali ya magetsi inayenda monga tinawerengera, mwinanso kuposa, chifukwa magetsi akathima makasitomala a mashopu oyandikana ankabwera okha. Mbali ya mpando ndiyo inatiphunzitsa. Tinkayesa kuti aliyense wothawa mzere akhala pampando wopanda munthu. Ayi ndithu. Mnyamata watsopano ankakhala atagwira mashini, anthu atatu ali pabenchi akuti, "Tidikira eni ake." Munthu amene wakhala akumetedwa ndi dzanja limodzi zaka zisanu sapereka mutu wake kwa mlendo Loweruka la ukwati. M'malo mwa mitu 100 yoonjezera pamwezi, Okutobala anabweretsa pafupifupi 70, ndipo yotsala itachotsedwa ngongole inali K36,000 m'malo mwa K48,000. Ometa anapeza okha njira: ana onse ndi ometa mpala azipita kwa mnyamatayo, iwo atsale ndi ofuna masitayilo, ndipo mutu uliwonse wa wamkulu umene mnyamata wameta, iwo azimaliza ndi kuwongola mzere wapamphumi. Pofika Disembala anthu ena anayamba kumupempha mnyamatayo ndi dzina.

Mu Novembala munabuka china. Masiku amene ometa ankachokapo masana, kope linkaonetsa mitu yochepa modabwitsa. Sanafune kukangana popanda umboni, ndiye tinagwiritsa ntchito malezala. Mutu uliwonse wa wamkulu umatha lezala limodzi latsopano powongola m'mbali, choncho m'mawa ankasiya 20 owerenga, madzulo n'kuwerenga otsala. Lachitatu lina malezala anatha 11, kope likuti akuluakulu 7. Anamukhazika pansi mnyamatayo, iye anavomera kuti sankalemba mitu yonse, ndipo anagwirizana kuti kuwerenga malezala kukhale kwa tsiku lililonse, pamaso pa onse awiri. Sanamuchotse, ati wometa bwino savuta kumutaya koma amavuta kumupeza.

Disembala anachita bwino, ndipo chaka chimatha mu akaunti yosungira muli pafupifupi K150,000. Januwale anadyapo K60,000. Mu Febuluwale kumudzi kunagwa maliro a malume awo, ndipo K70,000 inapita ku bokosi ndi thiransipoti. Ndalama ya ngongole inaperewera. Anandiimbira kutatsala masiku atatu, ndipo ndinawauza kuti apite okha kuofesi tsiku lisanakwane, atenge kope ndi ndalama imene ali nayo, akanene tsiku lenileni limene adzamalize. Anapereka K50,000, yotsalayo anamaliza patadutsa masiku 9, ndipo analipira chindapusa chochedwera. Anandiuzanso kuti wakatapila wa pamsika anali atawalonjeza kale ndalama yomweyo tsiku lomwelo, koma samu ya 4 ndi 5 peresenti ija inawabwerera m'mutu.

Ndikulemba lipotili kumayambiriro kwa Epulo 2025. Alipira miyezi isanu ndi umodzi, yatsala isanu ndi umodzi. Mtengo wa wamkulu anaukweza kufika K1,200 mu Malichi pamodzi ndi mashopu ena a mzerewo, lezala ndi sipiriti zitakwera, ndipo kope silikuonetsa kuti anthu athawa. Akazi awo agula kope lawolawo, ndipo akulemba timizere ta amayi amene amawamanga tsitsi pakhonde Loweruka.